Si Paipi Iliyonse Yodzaza Imene Ikuchepetsa Madzi

Madzi akamafika ochepa m'thanki, anthu sachedwa kupeza poloza chala. Amafufuza paipi imene yadzaza, yomwe singalandirenso dontho lina, n'kugwirizana kuti ndalama zikapezeka aifukule n'kuikapo yaikulu. Nthawi zina amalondola. Koma nthawi zina amakumba, kugula paipi yatsopano, kuilumikiza ndi kukwirira, madzi n'kumafikabe ochuluka chimodzimodzi ngati kale. Paipi inali yodzazadi, koma sinali imene inkachepetsa madzi.

Pali lamulo la masamu limene limasiyanitsa mapaipi awiriwa, ndipo pa mapaipi ochepa munthu angathe kuligwiritsa ntchito ndi pepala ndi pensulo basi. Lamuloli limati madzi ochuluka kwambiri amene angadutse kuchoka ku gwero kukafika kumapeto amafanana ndendende ndi mlingo wa mzere wodula wochepetsetsa. Mawu amenewa amveka bwino tikawaona akugwira ntchito. Wofuna kulipeza m'mabuku alifufuze ndi dzina lakuti `max-flow min-cut`.

Chiyambi chake sichinali madzi ayi. Mu 1955, pa nthawi imene dziko la America ndi la Soviet Union ankayang'anizana ndi diso lofiira, T. E. Harris ndi F. S. Ross analemba lipoti lachinsinsi ku bungwe lofufuza la RAND, ku California. Anajambula njanji zochokera kumadzulo kwa Soviet Union kulowa m'maiko a kum'mawa kwa Ulaya, n'kupeza kuti katundu wochuluka amene akanadutsa anali matani 163,000, ndiponso kuti panali gulu la njanji la mlingo womwewo limene likanati lidulidwe, katundu sakanadutsanso. Asilikali ankafuna kudziwa malo odula amenewo. Lipotilo linakhala lobisika mpaka 1999. Mu 1956 L. R. Ford ndi D. R. Fulkerson, a ku RAND komweko, anasindikiza umboni wakuti kufanana kwa manambala awiriwa kumachitika nthawi zonse, ndipo chaka chomwecho P. Elias, A. Feinstein ndi C. E. Shannon anafika pa mfundo yomweyo paokha.

Mapaipi athu asanu ndi atatu

Tiyeni tipange chitsanzo chathu. Pali kasupe pamwamba pa phiri, timutche K, ndi thanki m'munsi, tiitche T. Pakati pali mphambano zinayi pamene mapaipi amakumana: A, B, C ndi D. Paipi iliyonse imayendetsa madzi mbali imodzi yokha, ndipo ili ndi mlingo wake, kutanthauza malita ochuluka kwambiri amene ingadutsitse pa sekondi imodzi.

```
K→A 6    K→B 9
A→C 5    A→D 6
B→D 8    C→D 3
C→T 7    D→T 7
```

Musanapitirire, jambulani zimenezi. Ikani K kumanzere ndi T kumanja, A ndi C pamwamba, B ndi D pansi, n'kulumikiza ndi mivi. Nkhani yonseyi imaphweka kwambiri chithunzi chikakhala patsogolo panu.

Malamulo ndi awiri okha. Paipi singanyamule madzi oposa mlingo wake. Ndipo pa mphambano madzi sasowa kapena kubadwa: olowa pa A ayenera kufanana ndi otuluka pa A, chimodzimodzinso pa B, C ndi D. Funso ndi lakuti, malita angati pa sekondi angafike ku T?

Woyang'ana mothamanga anganene kuti 15, chifukwa mapaipi awiri ochoka pa kasupe amanyamula 6 ndi 9. Wina ayang'ana kumapeto n'kunena kuti 14, chifukwa olowa m'thanki ndi 7 ndi 7. Onse awiri achita chinthu chanzeru osadziwa: aliyense wajambula mzere wodula.

Mzere wodula ndi kugawa malo onse m'magulu awiri, gulu limene muli K ndi gulu limene muli T. Mphambano iliyonse muyenera kuiika mbali imodzi. Mukatero, mumawerenga mapaipi amene akuchoka m'gulu la K kulowa m'gulu la T, n'kuphatikiza milingo yawo. Woyamba uja anasiya K yekha mbali imodzi, n'kupeza 15. Wachiwiri anasiya T yokha mbali inayo, n'kupeza 14. Wachitatu angaike K ndi B mbali imodzi. Mapaipi owoloka akhala K→A ndi B→D, ndiye kuti 6 kuphatikiza 8, omwe ndi 14.

Mfundo imodzi apa imasokoneza ambiri. Paipi imene ikuwoloka mzere chobwerera, kuchoka m'gulu la T kulowa m'gulu la K, siwerengedwa. Chifukwa chake n'chosavuta: paipi yotere singathandize dontho lililonse kuwolokera ku mbali ya thanki. Ikanyamula madzi, imangowabweza ku mbali imene anachokera, ndipo adzafunikanso kuwoloka kachiwiri.

Dontho lililonse lofika ku T linayambira ku K, choncho linawoloka mzere penapake. Ndiye kuti madzi ofika ku T sangapose mlingo wa mzere wodula uliwonse umene mungajambule. Theka la lamulo lathu ndi limeneli, ndipo silivuta kulikhulupirira. Tadziwa kale kuti yankho silingapose 14. Theka linalo ndi lodabwitsa: pali mzere wina umene mlingo wake madzi amaukwanitsa ndendende, popanda kutsala ngakhale lita imodzi. Mphambano zinayi zimapereka njira 16 zogawira magulu, ndipo tingathe kuziyesa zonse. Koma mphambano zikakhala 30, njira zogawira zimaposa biliyoni imodzi. Tikufunika njira yopezera mzerewo popanda kuyesa uliwonse.

Kutsegula madzi

Ford ndi Fulkerson anati tiyambe ndi mapaipi ouma, tipeze njira iliyonse yochoka ku K kukafika ku T imene ili ndi mpata, tithiremo madzi ochuluka momwe paipi yochepetsetsa ya m'njiramo ingalolere, kenako tibwereze.

Tiyambe ndi K→A→D→T. Milingo yake ndi 6, 6 ndi 7, choncho tithira malita 6. Mapaipi a K→A ndi A→D adzaza, ndipo D→T yatsala ndi mpata wa lita imodzi. Njira yachiwiri ikhale K→B→D→T. Mipata ndi 9, 8 ndi 1, ndiye tingowonjezera lita imodzi. Tsopano ku thanki kukufika malita 7.

Yang'anani chithunzi chanu. Kuchoka pa K, paipi ya ku A yadzaza. Ya ku B ili ndi mpata, kuchoka pa B mufika pa D, koma pa D paipi yotuluka ndi imodzi, ya ku T, ndipo yadzaza. Zikuoneka ngati tafika pamapeto, pa malita 7. Komatu C→T, paipi ya malita 7, ili gwa, ndipo A→C nayo sinalandire kanthu. Vuto ndi lakuti poyamba paja tinasankha molakwika. Madzi onse a pa A tinawatumiza ku D, n'kulanda malo amene madzi a ku B akanadutsa, chonsecho A ali ndi njira yakeyake yodzera ku C, pamene B alibe njira ina.

Munthu woona ndi maso angakonze zimenezi mosavuta pa mapaipi asanu ndi atatu. Pa mapaipi zikwi zingapo, maso sathandiza. Pamafunika njira imene imadzikonza yokha, ndipo pamenepa ndi pamene pamabwera chithunzi chachiwiri, chomwe titche mapu a mpata wotsala.

Mapu amenewa amajambulidwa pa malo omwewo, K, A, B, C, D ndi T, koma mivi yake ndi ina. Pa paipi iliyonse mumafunsa mafunso awiri. Loyamba: ndingawonjezere madzi angati? Ngati pali mpata, jambulani muvi wolozera kumene paipi ikupita, n'kulembapo mpatawo. Lachiwiri: ndingachepetse madzi angati? Ngati m'paipimo muli madzi, jambulani muvi wobwerera, n'kulembapo madzi amene alimo. Paipi ya mlingo wa 8 imene yanyamula lita imodzi ibereka mivi iwiri, wa kutsogolo wa 7 ndi wobwerera wa 1. Paipi yodzaza imangokhala ndi muvi wobwerera. Paipi youma imangokhala ndi wa kutsogolo.

Muvi wobwererawu umafuna kuti tiime pang'ono, chifukwa ndi umene anthu ambiri amaukayikira. Sukutanthauza kuti madzi akwera phiri kubwerera kumene achokera. Ukutanthauza chilolezo chosintha maganizo. Muvi wochoka pa D kupita pa A, wolembedwa 6, ukunena kuti pa madzi amene A akutumiza ku D, tingachotseko mpaka malita 6. Tikachotsako, pa A patsala madzi ofunika kupita kwina, ndipo pa D papereweka madzi ofunika kuchokera kwina. Ngati B angadzaze kupereweraku ndipo C angalandire otsala aja, palibe lamulo lathyoledwa.

Pa mapu a mpata wotsala njira yatseguka: K→B, mpata 8, B→D, mpata 7, D→A chobwerera, 6, A→C, mpata 5, C→T, mpata 7. Nambala yochepetsetsa ndi 5. Tiwonjezera malita 5 pa K→B, B→D, A→C ndi C→T, ndipo tichotsa malita 5 pa A→D. Mapaipi athu tsopano ali chonchi, nambala yoyamba ndi madzi amene alimo, yachiwiri ndi mlingo:

```
K→A 6/6    K→B 6/9
A→C 5/5    A→D 1/6
B→D 6/8    C→D 0/3
C→T 5/7    D→T 7/7
```

Tionetsetse. Pa A palowa 6, patuluka 5 ndi 1. Pa B palowa 6, patuluka 6. Pa C palowa 5, patuluka 5. Pa D palowa 1 ndi 6, patuluka 7. Ku thanki kukufika 5 ndi 7, omwe ndi malita 12 pa sekondi.

Kuwerenga mzere pa mapu omaliza

Kodi 12 ndiye mapeto, kapena tapanikizidwanso monga zinachitikira pa 7? Jambulani mapu a mpata wotsala kachiwiri. Mivi yonse ndi iyi:

```
K→B 3    B→K 6
B→D 2    D→B 6
A→D 5    D→A 1
C→T 2    T→C 5
C→D 3    A→K 6
C→A 5    T→D 7
```

Ikani pensulo pa K, ndipo mulembe chizindikiro pa malo aliwonse amene mungafike potsata mivi. Kuchoka pa K muvi ndi umodzi, wopita ku B. Chongani B. Kuchoka pa B, muvi wina ukubwerera ku K, wina ukupita ku D. Chongani D. Kuchoka pa D mungabwerere ku B, komanso pali kamuvi ka 1 kopita ku A. Chongani A. Kuchoka pa A mivi ikupita ku K ndi ku D, malo amene mwachonga kale. Palibe muvi wochoka pa A kupita ku C, palibenso wochoka pa D kupita ku T. Ulendo wathera pomwepo.

Malo ochongedwa ndi K, A, B ndi D. Osachongedwa ndi C ndi T. Mzere wodula umene timafuna ndi umenewu, ndipo sitinaufufuze n'komwe, wangotsala pamene pensulo inaimira. Tsopano siyani mapu a mpata wotsala, mubwerere ku chithunzi choyamba cha mapaipi enieni. Kubwereraku n'kofunika, chifukwa pa mapu omaliza palibe muvi uliwonse wotuluka m'gulu lochongedwa, ndipo mukawerengera pamenepo mupeza 0. Pa chithunzi choyamba, mapaipi ochoka pa malo ochongedwa kupita pa malo osachongedwa ndi awiri: A→C wa 5 ndi D→T wa 7. Kuphatikiza, 12. Paipi ya C→D nayo ikuwoloka mzere, koma chobwerera, choncho 3 wake salowa m'chiwerengero.

Madzi ndi 12, mzere ndi 12. Popeza madzi sangapose mzere uliwonse, palibe amene angadutsitse 13. Popeza mzere uliwonse sungachepere madzi amene akudutsa kale, palibe amene angapeze mzere wa 11. Nambala iliyonse ikuchitira inzake umboni, ndipo munthu wokayikira safunika kukhulupirira kuti tinawerenga bwino m'njira monse. Angoona mndandanda wa madzi uja ndi mapaipi awiriwa, nkhani yatha.

Kufananaku sikunachitike mwamwayi. Tengani paipi iliyonse yochoka pa malo ochongedwa kupita pa malo osachongedwa. Ikanakhala ndi mpata, pakanakhala muvi wa kutsogolo, pensulo ikanawoloka, ndipo malo a tsidya linalo akanachongedwa. Sanachongedwe, ndiye kuti paipiyo ndi yodzaza. Tengani tsopano paipi yowoloka chobwerera, monga C→D. Ikanakhala ndi madzi ngakhale pang'ono, pakanakhala muvi wobwerera wochoka pa D kupita pa C, ndipo C akanachongedwa. Sanachongedwe, ndiye kuti paipiyo ndi youma. Mapaipi onse owoloka ndi odzaza, onse obweza madzi ndi ouma, choncho madzi owoloka mzere akufanana ndi mlingo wa mzerewo. Umboni wonse wa lamuloli ndi umenewu, ndipo m'maganizo anga ndi umodzi mwa maumboni ochepa m'masamu amene munthu angawamve bwinobwino pa nthawi yomwera kapu imodzi ya tiyi.

Onani tsopano paipi ya K→A. Yanyamula 6 pa mlingo wa 6. Ndi yodzaza, ili pakamwa penipeni pa kasupe, ndipo pulambala woyendera mapaipi angailoze poyambirira. Koma K ndi A ali mbali imodzi ya mzere. Mutaifukula n'kuikapo ya malita 20, ku thanki kufikabe 12, chifukwa madzi owonjezerawo akafika pa A apeza A→C itadzaza, akatsikira ku D apeza D→T itadzaza. Paipi iliyonse ya pa mzere wochepetsetsa ndi yodzaza, koma si paipi iliyonse yodzaza imene ili pa mzerewo. Amene amangosonkhanitsa mapaipi odzaza n'kuphatikiza milingo yawo apeza 6, 5 ndi 7, omwe ndi 18, nambala yopanda tanthauzo lililonse pano.

Kulakwitsa kwina kofala ndi kuiwala mivi yobwerera pochonga. Wochita zimenezi afika pa B ndi pa D, kamuvi ka D→A sakaona, ndipo A amusiya mbali ya thanki. Mzere wake udula K→A ndi D→T, 6 kuphatikiza 7, ndiye 13. Umenewunso ndi mzere wodula, koma si wochepetsetsa. Ubwino wake ndi wakuti kulakwitsaku kumadziulula kokha. Mlingo wa mzere umene mwawerenga ukasiyana ndi madzi ofika ku thanki, penapake palakwika. Mzere ukaposa madzi, mwina mwadumpha muvi pochonga, kapena mwawerenga paipi yobwerera. Ukachepera madzi, mwaiwala paipi ina yowoloka, kapena pali mphambano pamene olowa ndi otuluka sakufanana. Ndipo pensulo ikafika mpaka ku T, ntchito sinathe: njira imene yatsatayo ndi yowonjezererapo madzi.

Wina angafunse kuti, bwanji tikanayamba ndi njira zina? Tiyese. Tithire 5 pa K→A→C→T ndi 7 pa K→B→D→T. Tapeza 12 m'maulendo awiri okha, popanda muvi wobwerera. Ulendo uno K→A yanyamula 5 pa 6, A→D ndi youma, B→D yanyamula 7 pa 8. Kagawidwe ka madzi kasintha, ndipo K→A siinadzaze n'komwe, umboni wina wakuti kudzaza kwake kuja kunachokera pa mmene tinasankhira njira. Chongani: kuchoka pa K mufika pa A ndi pa B, kuchoka pamenepo mufika pa D, basi. Gulu ndi lomwe lija, K, A, B ndi D. Zimatero nthawi zonse. Madzi ochuluka kwambiri angagawidwe m'mapaipi mosiyanasiyana, koma malo ofikika kuchoka pa K pa mapu omaliza sasintha.

Ndalama zipite pati?

Tadziwa kuti paipi yoyenera kukulitsa ndi A→C kapena D→T. Koma mapu omwewo akutiuzanso kuti tisayembekezere zambiri. Tinene kuti takulitsa A→C kuchoka pa 5 kufika pa 8. Mpata wawonjezeka ndi malita 3, koma madzi owonjezera ayenera kufika kaye pa A, ndipo pa mapu omaliza njira yokha yofikira pa A ndi kamuvi kaja ka D→A ka lita imodzi. Phindu ndi lita imodzi yokha, 13. Mzere wa K→A ndi D→T uja, umene unali wolakwika poyamba, tsopano ndi umene wakhala wochepetsetsa, ndipo apa ndi pamene K→A yayamba kukhaladi chopinga.

M'malo mwake tikulitse D→T kuchoka pa 7 kufika pa 10. Madzi owonjezera adzera K→B, mpata 3, ndi B→D, mpata 2. Phindu ndi malita 2, ndipo tifika pa 14, pamene mzere wa K→A ndi B→D watigwira. Ngati mtengo wa ntchito ziwirizi uli wofanana, D→T ndiye yoyenera kuyamba, ndipo palibe chifukwa chogulira yoposa malita 9 pokhapokha ngati B→D kapena K→A nayo ikulitsidwa. Kuseri kwa mzere wochepetsetsa kumakhala wina wotsatira, ndipo kusiyana kwa iwiriyi ndiko kumaika malire pa phindu.

Nthawi zina kusiyanako kumakhala 0. Tisinthe nambala imodzi pa chitsanzo chathu: C→T ikhale ya 5 m'malo mwa 7. Madzi akhalabe 12. Kuchonga kuchokera pa K kupereka mzere womwe uja, A→C ndi D→T. Koma tsopano C→T ndi D→T nazo zikupanga 12. Mizere yochepetsetsa ilipo iwiri, ndipo kukulitsa A→C yokha sikubweretsa dontho lililonse, ngakhale ili pa mzere umene tawerenga. Kuchonga kochokera pa K kumapereka mzere woyandikira kwambiri kasupe. Kuti muone ngati pali wina, chongani kachiwiri kuchokera kumapeto: lembani malo onse amene, potsata mivi ya pa mapu omaliza, angafike ku T. Pa chitsanzo choyamba malowo ndi C ndi T, omwe ndi osachongedwa aja, choncho mzere wochepetsetsa ndi umodzi wokha. Pa chitsanzo chosinthidwachi C sangafikenso ku T, ndipo sangafikidwe kuchoka pa K. Watsala pakati, wopanda mbali. Malo otsala pakati chonchi ndi chizindikiro chakuti mizere yochepetsetsa ndi yoposa umodzi. Paipi imene kuikulitsa yokha kungawonjezere madzi ndi imene ikuchoka pa malo ofikika kuchoka pa K n'kukathera pa malo amene angafike ku T. Pa chitsanzo chosinthidwachi ndi D→T yokha.

Pamene njirayi imapunthwa

Milingo yonse ikakhala manambala athunthu, ulendo uliwonse umawonjezera lita imodzi kapena kuposa, choncho kuwerenga kumatha ndithu, ndipo madzi a m'paipi iliyonse amatuluka ali nambala yathunthu. Kutha n'kwina, kufulumira n'kwina. Ganizirani mphambano ziwiri, A ndi B, mapaipi anayi a malita 1,000 olumikiza K ku A, K ku B, A ku T ndi B ku T, ndi kapaipi ka lita imodzi kochoka pa A kupita pa B. Wosankha bwino amaliza m'maulendo awiri. Wosankha njira yodzera pa kapaipi kaja ulendo uliwonse, kamodzi chakutsogolo kenako chobwerera, awonjezera lita imodzi imodzi mpaka maulendo 2,000. Y. Dinitz mu 1970, ndiponso J. Edmonds ndi R. Karp mu 1972, anasonyeza kuti mukamasankha njira ya mivi yochepa kwambiri nthawi zonse, chiwerengero cha maulendo chimadalira kuchuluka kwa mphambano ndi mapaipi, osati kukula kwa milingo. Pa chitsanzo chathu tinayamba dala ndi njira yoipa kuti muvi wobwerera uonekere.

Malire ena ndi a madzi enieniwo. M'masamuwa timaganiza kuti tingagawe madzi pa mphambano mmene tafunira, 5 uku ndi 1 uko, ngati kuti paipi iliyonse ili ndi valavu yomvera. Madzi enieni amatsata kutsetsereka kwa nthaka ndi mphamvu yowakankha, amachedwetsedwa ndi kukhuzana ndi mkati mwa paipi, ndipo paipi yaitali imadutsitsa ochepa kuposa yaifupi ya kukula komweko. Mapaipi amadonthanso, zomwe zimathyola lamulo la olowa ndi otuluka. Choncho injiniya wa madzi amatenga 12 wathu ngati denga limene madzi sangapose, kenako amawerengera mphamvu yokankha ndi masamu ena kuti aone ngati dengalo lingafikidwe. N'chifukwa chake lamuloli limagwira bwino kwambiri pa zinthu zimene munthu amazigawa yekha, monga mabogi pa njanji, mauthenga pa mawaya ndi anthu pa ntchito zosiyanasiyana.

Paipi yoyendetsa madzi mbali zonse ziwiri si vuto: ilembeni ngati mapaipi awiri a mlingo womwewo, ina yopita ina yobwera. Akasupe akakhala awiri, jambulani gwero limodzi longoyerekeza lowadyetsa onse, ndipo muvi wopita kwa kasupe aliyense ukhale ndi mlingo wa madzi amene kasupeyo amatulutsa. Kuwerenga kwina konse sikusintha.

Yesani nokha pa chithunzi chimene mwajambula. Kulitsani D→T ifike pa 10 ndi B→D ifike pa 12, muyambire pa madzi 12 amene alipo kale, mujambule mapu a mpata wotsala, muthire madzi mpaka pensulo ilephere kufika ku T. Muyenera kupeza malita 15, ndipo pensulo isachoke n'komwe pa K. Mukatero chonganinso kuchokera ku T, muone ngati mzere wa 15 umenewo uli wokha.